Mlandu wa Mata ndi Avianca: zigamulo 6 zomwe khoti silinagamulepo, ndi mmene refarensi yopeka imagwidwira

Ndimagwira ntchito mu laibulale ya pakoleji, pa desiki yomwe ophunzira ndi aphunzitsi amabwera kudzafunsa mabuku. Masiku ano ambiri amabwera ndi mndandanda wa marefarensi omwe awapeza pa chatiboti, pulogalamu ya pa kompyuta yoyankha mafunso ngati munthu, akufuna tiwathandize kupeza mabukuwo. Ena timawapeza, koma ena sitiwapeza chifukwa kulibe kumene analembedwapo. Pophunzitsa anzathu atsopano pantchitoyi ndimagwiritsa ntchito mlandu umodzi wa ku America, wa Mata v. Avianca. Ndimaukonda chifukwa jaji wake anatenga marefarensi opekawo n'kuwafufuza chigawo ndi chigawo, ndiye zonse zomwe ife timachita pa desiki zikuoneka m'chigamulo chake.

Mmene nkhaniyi inayendera

A Roberto Mata anasumira kampani ya ndege ya Avianca ponena kuti mu Ogasiti 2019, ali m'ndege yochokera ku El Salvador kupita ku New York, kangolo kachitsulo konyamulira chakudya kanawagunda bondo. Mlanduwo anaupititsa kukhoti mu Febuluwale 2022. Maloya a Avianca anapempha kuti uthetsedwe chifukwa pangano la ku Montreal, lomwe limayendetsa milandu ya anthu ovulala pa maulendo a ndege a pakati pa mayiko, limapereka zaka 2 zokha zoti munthu asumire. Zaka ziwirizo zinali zitatha.

Loya wa a Mata, a Steven Schwartz, anali ndi mfundo imodzi yomwe ankaganiza kuti ingapulumutse mlanduwo. Mu 2020 Avianca inali italowa m'ndondomeko ya khoti ya makampani olephera kubweza ngongole, ndipo nthawi ngati imeneyo milandu yosumira kampaniyo imaimitsidwa. Iwo ankafuna kunena kuti nthawi yoimitsidwayo isawerengedwe pa zaka ziwiri zija. Mfundo yotere imafunika zigamulo zakale zoichirikiza. Ofesi yawo inkagwiritsa ntchito Fastcase pofufuza milandu, koma sinkatha kupezamo zigamulo zambiri za makhoti a boma lalikulu la America. Apa ndi pomwe anatembenukira ku chatiboti ya ChatGPT. Iwo eni anauza khoti pambuyo pake kuti ankaiona ngati chida chofufuzira zinthu pa intaneti, koma champhamvu kuposa zina.

Pa 1 Marichi 2023 chikalata chawo chinaperekedwa ku khoti la Southern District of New York, chitasainidwa ndi loya mnzawo, a Peter LoDuca. Pa 15 Marichi maloya a Avianca anayankha kuti milandu ingapo yotchulidwamo sakuipeza. Jaji P. Kevin Castel analamula kuti makope a zigamulozo abweretsedwe. Pa 25 Epulo maloyawo anabweretsa zomwe anati ndi zidutswa za zigamulozo, koma zambiri mwa izo nazonso zinachokera ku ChatGPT komweko. Mpaka pa 25 Meyi m'pamene a Schwartz anaulula kumene anazitenga. Milandu 6 inali yopeka, ndipo woonekera kwambiri unali uwu:

`Varghese v. China Southern Airlines Co., Ltd., 925 F.3d 1339 (11th Cir. 2019)`

Pa 22 Juni 2023 jaji analipiritsa maloya awiriwo pamodzi ndi ofesi yawo madola 5,000, n'kuwalamula kulembera makalata majaji enieni omwe mayina awo anaikidwa pa zigamulo zabodzazo. Tsiku lomwelo mlandu wa a Mata unathetsedwa chifukwa chochedwa kusumira.

Kusanthula refarensi ya Varghese

Aliyense wodziwa kalembedwe ka milandu ya ku America akaiwerenga refarensiyi sangaone cholakwika. Nambala 925 ndi voliyumu, `F.3d` ndi mndandanda wa mabuku a zigamulo za makhoti a apilo, 1339 ndi tsamba, ndipo zam'mikutiramawu ndi khoti ndi chaka. Kampani ya China Southern Airlines ilipo. Khoti la Eleventh Circuit lilipo. Voliyumu 925 iliponso, ndipo zigamulo zake ndi za 2019 ndithu. Chigawo chilichonse pachokha ndi choona. Bodza lili pa kulumikizana kwa zigawozo.

Jaji atatsegula voliyumu 925 pa tsamba 1339 anapeza kuti tsambalo lili mkati mwa mlandu wina, wa J.D. v. Azar, womwe umayambira pa tsamba 1291 ndipo unagamulidwa ndi khoti lina, la D.C. Circuit. Nambala ya failo yomwe inalembedwa pa chigamulo chopekacho inali ya mlandu wina wosakhudzana ndi ndege. Mwa majaji atatu omwe anatchulidwa kuti ndi amene anagamula, mmodzi, a Patrick Higginbotham, ndi jaji weniweni koma wa khoti la Fifth Circuit. Kalaliki wa Eleventh Circuit anatsimikiza kuti chiyambire mu 2010, pomwe khotilo linayamba kusunga mafailo pa kompyuta, sipanakhalepo wosuma kapena wosumiridwa wa dzina la Varghese.

Mawu a chigamulocho nawo ankadzitsutsa okha. Koyambirira akunena za mayi wosumira kampani chifukwa cha imfa ya munthu. Pang'ono pokha nkhani yasintha, tsopano ndi ya munthu wina amene anakanizidwa kukwera ndege chifukwa matikiti anagulitsidwa ochuluka kuposa mipando. Kenako chigamulocho chikungothera panjira popanda kunena kuti khoti lagamula chiyani. Munthu akanangochiwerenga modekha, ngakhale opanda buku lililonse pafupi, akanadabwa.

Koma refarensi yomwe imandiphunzitsa zambiri ndi ina, yomwe inatchulidwanso m'chikalata cha pa 1 Marichi:

`Zicherman v. Korean Air Lines Co., 516 F.3d 1237 (11th Cir. 2008)`

Mlandu wa Zicherman ulipodi, ndipo ndi wodziwika pa nkhani za ngozi za ndege. Koma unagamulidwa ndi khoti lalikulu kwambiri la America mu 1996, ndipo refarensi yake yoona ndi `516 U.S. 217`. Onani kuti dzina ndi nambala ya 516 zatsala, koma buku, tsamba, khoti ndi chaka zasintha. Mukalemba dzina lokha pa Google mupeza zambiri, n'kukhutira kuti mlanduwo ndi weniweni. Ophunzira ambiri amagwa pamsampha womwewu: amafufuza dzina la wolemba, n'kupeza kuti ndi pulofesa weniweni wa phunzirolo, basi n'kusiyira pomwepo.

Chifukwa chake chatiboti imachita zimenezi

Mkati mwa chatiboti mulibe kabati ya mabuku kapena kaundula wa mitu yomwe imakatsegula ikafunsidwa. Chomwe chilimo ndi manambala ochuluka zedi omwe anakonzedwa pouwerengetsa makinawo zolemba zambirimbiri, n'cholinga chimodzi: kuti atapatsidwa mawu omwe alembedwa kale, azitha kulosera kachidutswa ka mawu kotsatira. Yankho lonse limamangidwa motero, kachidutswa kamodzi pambuyo pa kanzake. Ikalemba dzina la mlandu, chotsatira choyenera ndi nambala ya voliyumu. Ikalemba `F.3d`, chotsatira ndi nambala ya tsamba. Palibe pomwe imaima n'kupita kukaona ngati pa tsambalo pali mlanduwo.

N'chifukwa chake marefarensi ena amatuluka olondola. Buku kapena mlandu wotchuka umakhala utalembedwa kambirimbiri, dzina, chaka ndi tsamba zili pamodzi, kotero makinawo amaziloweza ngati chinthu chimodzi. Koma chinthu chomwe chinaoneka kangapo kokha sichigwira bwino. Chimatsala ndi kamangidwe: mayina a anthu omwe amalemba za nkhaniyo, magazini omwe nkhani zotere zimatulukamo, zaka zomwe zimayenda ndi voliyumu yakutiyakuti. Zili ngati telala amene wazolowera kusoka yunifolomu ya polisi: akhoza kusoka yokwana bwino, mabatani ndi nambala pachifuwa zili m'malo mwake, koma nambalayo mulibe m'kaundula wa polisi. Refarensi ndi chinthu chosavuta kupeka chifukwa kalembedwe kake n'kokhazikika kwambiri, ndipo yoona ndi yopeka zimatuluka ndi chidaliro chofanana.

Palinso mbali ya wofunsayo, yomwe anthu saiganizira. Zolemba zomwe zinaperekedwa ku khoti zikuonetsa kuti a Schwartz sanayambe n'kufufuza ngati mfundo yawo ili ndi zigamulo zoichirikiza. Anauza chidacho kuti chiikire kumbuyo mfundoyo, kenako kuti chipereke milandu yogwirizana nayo, kenakonso kuti chiwonjezere ina. Pempho lotere laganiza kale kuti milanduyo ilipo. Chida chomwe ntchito yake ndi kupitiriza mawu, ndipo chinaphunzitsidwanso kupereka mayankho okhutiritsa wofunsa, chimapitiriza basi. Pomwe zolemba zenizeni zili zochepa kapena kulibe, m'pomwe zopeka zimachuluka. Ine ndikaona refarensi yomwe mutu wake ukufanana ndendende ndi mutu wa kafukufuku wa wophunzira, mpaka dzina la boma ndi mtundu wa mbewu, ndimayamba kuikayikira isanafufuzidwe n'komwe. Zolemba zenizeni nthawi zambiri zimangoyandikira funso lako, sizikwana ngati zoyezera.

Cholakwa chachikulu cha a Schwartz chinabwera pambuyo pake. Atayamba kukayika, anabwerera ku chida chomwecho kukatsimikiza ngati mlandu wa Varghese unali weniweni, ndipo zomwe anapeza kumeneko zinawalimbitsa mtima. Kutsimikiza kotere kulibe phindu, chifukwa nako kumapangidwa mwa njira yomwe ija yolosera mawu otsatira, ndipo refarensi yopekayo ili kale pamwamba pa zokambiranazo ngati chinthu chokhazikika. Chimodzimodzi kupempha mawu onse a chigamulo kapena chidule cha nkhani: chidzalembedwa pomwepo. Pa 8 Juni, jaji atawapanikiza, a Schwartz anavomera kuti anayesapo kufufuza chigamulo chonse cha Varghese kwina ndipo sanachipeze, koma anachitchulabe. Chizindikiro anali nacho m'manja. Jaji ananena momveka kuti kugwiritsa ntchito chida chodalirika chotere pakokha si mlandu, ndipo kuti zinthu zikanakhala zina akanaulula atangochenjezedwa mu Marichi.

Mmene timafufuzira pa desiki

Zomwe jaji Castel anachita ndi zomwe ifenso timachita: kuyamba ndi nambala, osati dzina, n'kuona kuti nambalayo ikutifikitsa pa chiyani. Pa nkhani za m'magazini a akatswiri nambala imeneyo ndi DOI. Imayamba ndi `10.`, kenako manambala a wosindikiza, kenako kamzere ndi chizindikiro cha nkhaniyo. Mukailemba kumapeto kwa `https://doi.org/` imakutengerani ku nkhaniyo. Mwachitsanzo:

```
https://doi.org/10.1038/171737a0
```

Iyi imakufikitsani pa nkhani ya a Watson ndi a Crick yofotokoza kapangidwe ka DNA, yomwe inatuluka m'magazini ya Nature mu 1953. Yang'anani bwino manambalawo: `10.1038` ndi wosindikiza, 171 ndi voliyumu, 737 ndi tsamba. Kamangidwe koonekeratu chonchi n'kosavuta kutsanzira, n'chifukwa chake chatiboti imatha kutulutsa DOI yooneka yabwinobwino.

Mukayesa DOI, zotsatira zimakhala zamitundu itatu. Ikatuluka `DOI Not Found`, yambani mwaona ngati simunakopere kadontho komaliza chiganizo kapena kusiya chilembo. Ngati zonse zili bwino, nambalayo ndi yopeka kapena yolakwika. Ikatsegula nkhani yomwe mutu, olemba, chaka ndi masamba zikugwirizana ndi refarensi yanu, mwadutsa gawo loyamba. Chachitatu ndi chomwe chimanyenga anthu: DOI ikutseguka, koma pa nkhani ina. Wophunzira amadina, amaona tsamba la magazini latseguka, n'kuchonga kuti ili bwino, osawerenga mutu. Apa zafanana ndi tsamba 1339 lomwe linali la J.D. v. Azar. Kutseguka kwa linki si umboni. Umboni ndi kugwirizana kwa zomwe zatseguka ndi zomwe zalembedwa.

DOI ikalephera sitithamangira kunena kuti nkhaniyo kulibe, chifukwa nthawi zina nkhani ndi yeniyeni koma nambala yokha ndi yomwe yapekedwa, monga zinachitikira Zicherman. Timalemba mutu wonse m'zizindikiro zogwira mawu pa Google Scholar, kapena pa `search.crossref.org`. Ukasowanso kumeneko timapita ku magazini yeniyeniyo, kutsegula voliyumu ndi nambala yotchulidwayo, n'kuwerenga mndandanda wa zamkatimu. Njira imeneyi ndi yochedwa koma ndi yomwe imatseka nkhani: ngati masamba otchulidwawo ali ndi nkhani ya munthu wina, palibenso chokambirana. Pa mabuku timagwiritsa ntchito WorldCat, yomwe imasonkhanitsa makatalogi a malaibulale ambiri padziko, ndipo timafufuza kawiri, ndi nambala ya buku yotchedwa ISBN komanso ndi mutu, kuti tione ngati zonse zikuloza buku limodzi.

Malinki wamba ali ndi vuto lawolawo. Tsamba la pa intaneti likhoza kusowa chifukwa eni ake analichotsa kapena kulisuntha, ndiye uthenga wa `404`, wonena kuti tsamba silikupezeka, pawokha sukuuzani ngati linkiyo inafa kapena sinakhalepo n'kale. Timaiika pa `web.archive.org`. Ikapezeka kuti inasungidwapo zaka zam'mbuyo, inali yeniyeni ndipo zomwe zinalipo mukhoza kuziwerenga. Ikapanda kupezeka, kukayika kumakula, ngakhale kuti si tsamba lililonse lomwe limasungidwa kumeneko. Tikatero timalowa pa webusaiti ya bungwelo n'kufufuza mutu wa lipotilo mkati mwake.

Gawo lomaliza ndi lomwe anthu amalithawa chifukwa limafuna kuwerenga. Machatiboti ambiri tsopano amatha kufufuza pa intaneti asanayankhe, ndipo zimenezi zachepetsa malinki opeka. Koma linki yeniyeni ikhoza kumangiriridwa ku chiganizo chomwe nkhaniyo siinanene: nambala yotengedwa pa tebulo lolakwika, zotsatira za dziko lina zonenedwa ngati za kuno, kapena mfundo yomwe olembawo anangoitchula kuti aitsutse. Timatsegula nkhaniyo, kufufuza nambala kapena mawu ogwidwawo ndi `Ctrl+F`, n'kuwerenga ndime yonse yomwe akupezekamo. Wophunzira akalephera kundisonyeza tsamba ndi ndime, refarensiyo ndimaitenga kuti sinatsimikizidwe, ngakhale bukulo lili pa shelefu yathu.

Ndipo imodzi ikapezeka yopeka, timafufuza mndandanda wonse, osasankha. M'chikalata cha a Schwartz milandu yopeka inasakanikirana ndi yeniyeni, ndipo palibe chomwe chinkaisiyanitsa pa maso. Zomwezi zinaonekanso ku South Africa mu Januwale 2025, pa mlandu wa Mavundla ku khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg, komwe mwa milandu 9 yomwe maloya anatchula, 2 yokha ndi yomwe inapezeka.

Pomwe njirazi zimaperewera kwathu kuno

Jaji wa ku New York anali ndi mwayi womwe ife nthawi zambiri tilibe. Zigamulo za makhoti a apilo a ku America zomwe zili m'mabuku a `F.3d` zimapezeka zonse, ndiye mlandu ukasowa pa tsamba lake ndiye kuti kulibe. Ku Malawi kusowa pa intaneti sikutanthauza zimenezo. Zigamulo zambiri zili pa webusaiti ya MalawiLII, koma si zonse, makamaka zakale. Malipoti a maunduna, zolemba za ophunzira a digiri, timabuku ta mipingo ndi mabuku a Chichewa osindikizidwa ochepa nthawi zambiri alibe DOI, ndipo ena sapezeka ngakhale pa WorldCat. Choncho vuto lathu lili pawiri. Chatiboti imapeka kwambiri pa nkhani za kuno chifukwa inawerenga zochepa za ife, ndipo zida zogwirira zopekazo n'zofookanso pa nkhani zomwezo.

Ndaonapo anzathu akulakwira mbali ina: kuweruza wophunzira kuti wapeka refarensi chifukwa Google Scholar sinaipeze, pomwe lipotilo lili m'kabati ya ku ofesi ya boma. Pa zolemba za kuno timafufuza m'njira zakale. Magazini ngati Malawi Medical Journal ali pa webusaiti ya African Journals Online, ndipo mndandanda wa zamkatimu umaoneka. Za mbiri ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno timafunsa ku National Archives ku Zomba kapena ku gawo la mabuku a za Malawi mu laibulale ya University of Malawi. Chigamulo chosapezeka pa MalawiLII chimafunsidwa ku rejisitiri ya khoti lomwe latchulidwa, ndi nambala ya mlandu ndi chaka. Wolemba akakhala kuti ali moyo, uthenga waufupi womufunsa ngati analembadi nkhaniyo umayankhidwa msanga kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa palibe katswiri amene amasangalala kuona dzina lake pa chinthu chomwe sanalembe.

Pa fomu yathu refarensi iliyonse timaiika m'gulu limodzi mwa atatu: yatsimikizidwa ndipo tsamba laonedwa, yapezeka yopeka kapena yosakanizidwa, kapena sinapezeke. Gulu lachitatuli sitimalitcha bodza. Timangofunsa mwini wake funso limodzi: kodi chikalatachi munachigwira m'manja kapena kuchitsegula nokha? Akati inde, timawapempha chithunzi cha chikuto ndi cha tsamba lomwe atengapo mfundo, ndipo refarensiyo imakhala. Akati anangoiona pa chatiboti, imachoka pamndandanda pamodzi ndi chiganizo chomwe inkachirikiza, mpaka atapeza cholembedwa chenicheni chonena zimenezo.